Timu ikachoka ku Blantyre kukasewera ku Karonga, kutopa tikuwerengere kangati?

Aliyense amene amalosera zotsatira za mpira wa Super League amadziwa kuti kusewera pakhomo kumathandiza, ndiponso kuti ulendo wochoka ku Blantyre kupita ku Karonga ndi wolemetsa. Pamenepa palibe amene amatsutsa. Mkangano umabuka tikafunsana kuti zimenezi zisinthe ulosi wathu ndi mlingo wanji. Wina amati timu ya kum'mwera ikangopita kumpoto ndiye kuti yagonja kale. Wina amati timu yaikulu ndi yaikulu basi, kaya isewere kuti. Ine ndimaona kuti onse awiri amaphonya, koma woyambayo ndiye amaphonya kwambiri, chifukwa amatenga kutopa kumodzi komweko n'kukuwerengera kawiri kapena katatu osazindikira.

Ife a ku Kasungu nkhani ya maulendoyi timaiona ndi maso, chifukwa msewu wa M1 unadutsa pakati pa tauni yathu. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira pang'ono 300. Kuchokera ku Lilongwe kufika kuno ndi pafupifupi 130, ndipo kuchoka kuno kudzera pa Jenda ndi ku Chikangawa kukafika ku Mzuzu ndi pafupifupi 240. Ukafika ku Mzuzu ulendo sunathe: pali makilomita ena oposa 200, kutsetsereka mapiri a Chiweta, kudutsa m'mbali mwa nyanja mpaka ku Karonga. Zonse pamodzi ndi pafupifupi makilomita 900, ndipo wopita ku Chitipa awonjezerepo ena pafupifupi 100. Basi ya timu ikaima pa boma pano kuti anthu aongole miyendo, yang'anitsitsani mmene anyamata amatsikira. Woyamba amagwira chitseko ndi manja onse awiri, kuponda pansi mwendo umodzi kaye, kenako kuyenda pang'ono atagwira m'chiuno. Ena amakhala pansi m'mbali mwa msewu, kuvula masilipasi n'kumasisita akakolo otupa. Apo ndiye kuti angotsala pang'ono kufika theka la ulendo.

Munthu ukaona zimenezi, mtima umakuuza kuti anyamatawa sangapambane. Koma ulosi wabwino suchokera pa chisoni chimene wamva. Umayambira pa masamu osavuta, ndipo ndiyamba ndi amenewo.

M'zaka zaposachedwapa ligi yathu yakhala ndi matimu 16, timu iliyonse kusewera masewero 30, theka pakhomo theka koyenda. Pa sizoni yonse pamakhala masewero 240. Chinthu choyamba n'kutenga kope, kulemba zotsatira za masewero onse a sizoni yatha, n'kuphatikiza zigoli za eni bwalo pazokha ndi za alendo pazokha, kenako kugawa ndi 240. Manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi achitsanzo chabe, oti tiphunzirirepo njira. Anu enieni muwapeze m'kope lanu. Tiyerekeze kuti mwapeza kuti eni bwalo amagoletsa zigoli 1.4 pa masewero amodzi, alendo 0.9. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndiwo mwayi wa pakhomo wa ligi yonse.

Taganizirani zimene zili m'kati mwa kusiyana kumeneku. Muli phokoso la ochemerera. Muli woyimbira amene, poti ndi munthu, amamva phokosolo akamaganiza zoti aimbe kapena ayi. Muli kuzolowera bwalo, kudziwa pamene mpira umadumpha molakwika ndi mbali imene dzuwa limathobwa m'maso chigawo chachiwiri. Ndipo mulinso ulendo, chifukwa alendo ambiri amene anagoletsa 0.9 uja anafika pa basi. Choncho ulendo wamba, monga wochoka ku Lilongwe kupita ku Dedza kapena kubwera kuno ku Kasungu, unalowa kale m'nambalayo. Amene amachotseranso alendo mphamvu chifukwa choti ayenda maola awiri kapena atatu wawalanga kawiri pa mlandu umodzi.

Kuti ochemerera ali ndi gawo lawo pa nkhaniyi tinaona mu 2020, pamene matenda a Covid-19 anachititsa kuti ligi za ku Ulaya ziseweredwe m'mabwalo opanda anthu. M'ligi zambiri mwayi wa pakhomo unatsika, ndipo kusiyana kwa makadi operekedwa kwa alendo ndi kwa eni bwalo kunachepa. Koma mwayiwo sunatheretu. Kwa ife zimenezi zikutanthauza kuti mwayi wa pakhomo uli ndi zigawo, ndipo pa masewero aliwonse tiyenera kufunsa kuti ndi zigawo ziti zimene zilipo lero. Bullets ndi Wanderers zikakumana pa Kamuzu Stadium, papepala imodzi imalembedwa kuti ili pakhomo, koma onse agona m'mabedi awo, onse amalidziwa bwalolo, onse ali ndi ochemerera. Pamenepo ine ndimataya 1.4 ndi 0.9, n'kupatsa onse awiri nambala ya pakati, 1.15. Matimu a mu Lilongwe akakumana okhaokha ndimachitanso chimodzimodzi, kapena kusiyako kamwayi kakang'ono. Palinso matimu amene pakhomo pawo si pakhomo penipeni. Mafco ndi ya ku Salima koma yakhala ikulandirira alendo pa Chitowe ku Dwangwa. Chitipa United inakhalapo nthawi ikulandirira alendo pa Karonga Stadium, kutsika kuchoka kumtunda kozizirirako kupita kunyanja kotentha. Timu yotere nayonso imakwera basi kupita ku masewero ake a pakhomo. Ndipo tonse tikudziwa kuti matimu awiri akuluakulu a ku Blantyre akabwera m'maboma muno, nthawi zina ochemerera awo amachuluka kuposa a eni dera. Amene anaonera TN Stars, timu ya kuno ku Kasungu, ikulandira matimu amenewa pa Kasungu Stadium akukumbukira mmene bwalo linkadzazira ndi malaya ofiira kapena abuluu.

Tsopano tiyeni titenge masewero amodzi tiwayende mpaka kumapeto. Timu yamphamvu ya ku Blantyre ikupita ku Karonga kukakumana ndi timu ya pakati pa m'ndandanda. Mphamvu za timu iliyonse timazipeza kuchokera pa masewero ake onse, a pakhomo ndi a koyenda pamodzi, poyerekeza ndi timu yapakatikati ya m'ligi. Tinene kuti alendowa amagoletsa zigoli 13 pamene timu yapakatikati yagoletsa 10, ndiye mphamvu yawo yogoletsa ndi 1.3. Amagoletsedwa 8 pamene yapakatikati yagoletsedwa 10, ndiye nambala yawo ya kumbuyo ndi 0.8. Eni bwalo mphamvu yogoletsa ndi 0.9, ya kumbuyo 1.0. Zigoli zimene tikuyembekezera zimapezeka pochulukitsa nambala ya ligi ndi mphamvu yogoletsa ya timu imodzi ndi nambala ya kumbuyo ya inzake.

```
eni bwalo: 1.4 x 0.9 x 0.8 = 1.0
alendo:    0.9 x 1.3 x 1.0 = 1.2
```

Palibe timu imene imagoletsa chigoli chimodzi ndi kachidutswa, ndiye manambalawa timawasandutsa mwayi pogwiritsa ntchito lamulo la Poisson, limene akatswiri akhala akuligwiritsa ntchito pa zigoli za mpira kwa zaka zambiri. Mu Excel kapena Google Sheets, ngakhale pafoni, mwayi woti timu yoyembekezeka kugoletsa 1.2 igoletsa zigoli ziwiri ndendende umapezeka motere:

```
=POISSON.DIST(2,1.2,FALSE)
```

Mumachita zimenezi pa zigoli 0 mpaka 5 kwa timu iliyonse, kuchulukitsa mwayi wa mbali ziwirizi pa chotsatira chilichonse monga 1-0, 1-1, 0-2, kenako kuphatikiza zonse zimene eni bwalo apambana, zimene alepherana, ndi zimene alendo apambana. Pa 1.0 ndi 1.2 zimatuluka kuti pa masewero 100 otere, eni bwalo angapambane pafupifupi 30, kulepherana 29, alendo 41. Apa ndiye poyambira pathu. Alendo ali patsogolo, koma osati kwambiri, ndipo mwayi wamba wa pakhomo walowamo kale.

Funso lotsatira ambiri amalifunsa molakwika. Amafunsa kuti ayenda makilomita angati. Makilomita ndi osavuta kupeza, n'chifukwa chake timawakonda, koma chimene chimalemetsa miyendo ndi nthawi imene munthu wakhala atapinda mawondo, tulo timene wagona, ndi maola amene apita pakati pa kutsika basi ndi wezulo yoyamba. Timu ikhoza kunyamuka ku Blantyre Lachitatu, kugona ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kufika ku Karonga Lachinayi madzulo, kuchita zokonzekera zopepuka Lachisanu pa bwalo lomwelo n'kusewera Loweruka. Ina, chifukwa ndalama ya malo ogona yachepa kapena mafuta apezeka mochedwa, ikhoza kunyamuka Lachisanu masana, kuyenda usiku wonse, kufika kukucha n'kudzasewera masana a tsiku lomwelo. Makilomita ndi omwewo 900, koma amene akulowa m'bwalo ndi anthu osiyana kotheratu. Woyamba uja ndimangomukhudza pang'ono: kuchulukitsa zigoli zake ndi 0.95, za eni bwalo ndi 1.05. Wachiwiriyu ndiye ndimafika pa 0.9 ndi 1.1.

Cholemera kuposa zonsezi ndi masewero achiwiri a ulendo umodzi. Kwa zaka zambiri, pofuna kuchepetsa ndalama za maulendo, matimu opita kutali akhala akupatsidwa masewero awiri pa ulendo umodzi, nthawi zina Loweruka ndi Lamulungu motsatizana. Thupi la wosewera amene wathamanga mphindi 90 limafuna masiku awiri kapena atatu kuti minofu ibwerere m'chimake ndi kuti mphamvu imene inathera m'miyendo idzazenso. Akalowanso m'bwalo patangopita maola 24, amayamba ndi ngongole. Ngati pakati pa masewero awiriwo palinso ulendo wochoka ku Mzuzu kutsika Chiweta, ndipo ndi mwezi wa Okutobala kapena Novembala pamene ku Karonga dzuwa la masana limawotcha ngakhale pansi pa nsapato, ngongoleyo imakula. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200 ndipo ndi kozizira, pamene Karonga ili m'mphepete mwa nyanja pa mamita pafupifupi 500.   Chachilendo kwa timu ya ku Blantyre ndi kutentha. 

Tinene tsono kuti alendo athu aja anasewera Loweruka ku Mzuzu, ndipo ku Karonga akusewera Lamulungu, eni bwalo atapuma sabata yathunthu.

```
eni bwalo: 1.0 x 1.1 = 1.10
alendo:    1.2 x 0.9 = 1.08
```

Mukawerengeranso, eni bwalo akwera kufika pa 36, kulepherana kwatsala pa 29, alendo atsika kufika pa 35. Masewero amene alendo anali patsogolo asanduka oti angapite mbali iliyonse. Kusintha kumeneku n'kwakukulu ndithu, koma onani kuti sikunasandutse timu yamphamvu kukhala yofooka. Pa masewero atatu otere, ikhoza kupambanabe amodzi.

Tsiku lina tikudikira mpira pa wailesi pa shopu ina pafupi ndi depoti, bambo wina wachikulire amene amatsata ligiyi kuyambira kale anaona manambala oterewa m'kope langa n'kupukusa mutu. Anati, “Mwana wanga, waiwala kuti anyamata a ku Karonga pakwawo sagonja wamba. Taona zotsatira zawo za pakhomo, uwonjezerepo.” Ndinawayankha kuti, “Zoona bambo, pakwawo ndi ovuta. Koma n'chifukwa chiyani ali ovuta?” Iwo anati, “Alendo amafika atatopa, komanso kumatentha.” Yankho lawo linali lolondola, ndipo ndi lomwelo limene likuletsa kuwonjezerako. Mbiri yabwino ya pakhomo ya timu ya kumalire a dziko inapangidwa ndi kutopa kwa alendo komweko. Mukachulukitsa 1.0 wa eni bwalo uja ndi 1.2 chifukwa cha mbiri ya pakhomo, kenako 1.1 chifukwa cha kutalika kwa ulendo, kenako 1.1 wina chifukwa cha masewero achiwiri, eni bwalo amafika pa 1.45. Mukachita zofananazo potsitsa alendo, amagwera cha pa 0.83. Pamenepo masamu amakuuzani kuti timu ya pakati pa m'ndandanda ili ndi mwayi woposa theka wogonjetsa imodzi mwa matimu amphamvu m'dziko muno. Chinthu chimodzi chawerengedwa katatu.

Njira zilipo ziwiri, ndipo muyenera kusankhapo imodzi. Yoyamba ndi imene tayenda nayoyi: nambala ya ligi yonse, mphamvu za timu zochokera pa masewero ake onse, kenako kusintha kumodzi kokha koyimira ulendo wa sabata imeneyo. Pakakhala zifukwa zingapo, monga kufika mochedwa, masewero achiwiri ndi kutentha, ndimatenga chachikulu pa zonsezo n'kuwonjezerapo pang'ono, ndipo sindidutsa 0.85 kwa alendo ndi 1.15 kwa eni bwalo. Malire amenewa ndi lamulo langa lodziletsa, osati chinthu chimene wina anachiyeza n'kuchitsimikiza. Njira yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito mbiri ya pakhomo ya timu imeneyo m'malo mwa nambala ya ligi. Mukatero musawonjezerenso chilichonse pa ulendo wautali, chifukwa pafupifupi mlendo aliyense wofika ku Karonga wayenda ulendo wautali. Mungosintha ngati ulendo wa mlendo uyu ndi wosiyana ndi wa alendo anzake. Timu ya ku Mzuzu imene yangoyenda maola ochepa iyenera kukwezedwa m'njira imeneyi, osati kutsitsidwa.

Njira yachiwiriyi ili ndi msampha wake. Masewero a pakhomo pa sizoni imodzi ndi 15 okha. Penate imodzi yokayikitsa, kadi yofiira imodzi, tsiku limodzi limene goloboyi anagwira chilichonse, zimasuntha avereji ya masewero 15 kwambiri. N'chifukwa chake mbiri ya sizoni imodzi sindiikhulupirira yonse. Ndimaisakaniza ndi nambala ya ligi, gawo limodzi la timuyo pa magawo awiri a ligi. Ngati timu yagoletsa 1.7 pakhomo pamene mphamvu zake ndi nambala ya ligi zimalozera pa 1.26, ndimaphatikiza 1.7 ndi 1.26 kawiri n'kugawa ndi 3, zimene zikupereka pafupifupi 1.4. Timu ikasonyeza khalidwe lomwelo sizoni zitatu motsatizana pa bwalo lomwelo, apo ndimayamba kuipatsa gawo lalikulu. Ikasamuka bwalo, mbiri yakaleyo ndimaiika pambali.

Palinso china chimene chimanamiza maso pa matimu a kutali. Tikaona kuti pakhomo amatola mapointi ambiri koma koyenda amangogonja, timathamangira kunena kuti bwalo lawo ndi loopsa. Koma theka la kusiyanako likuchokera ku mbali inayo. Timu ya ku Blantyre imapita kumpoto kwenikweni maulendo ochepa chabe pa sizoni, pamene ya ku Chitipa kapena ku Karonga pafupifupi ulendo wake uliwonse ndi wautali. Kugwa kwawo koyenda sikuonetsa kuti pakhomo ndi zimphona, kukuonetsa kuti msewu ukuwadya iwo kuposa wina aliyense.

Nanga mungadziwe bwanji kuti 0.9 wanuyo ndi woyenera, osati 0.95 kapena 0.8? M'kope, pa masewero aliwonse, lembani ulosi wanu mpira usanayambe, musanasinthe chilichonse chifukwa cha ulendo. Pambali pake lembani tsiku limene alendo anafika ngati mwalimva, masiku amene timu iliyonse yapuma, ndi mphindi imene chigoli chilichonse chinalowa. Atolankhani a zamasewero pa wailesi ndi masamba a matimu pa Facebook kawirikawiri amanena timu ikanyamuka kapena ikafika. Sizoni ikatha, sonkhanitsani masewero onse amene alendo ankasewera kachiwiri pa ulendo umodzi, muphatikize zigoli zimene munayembekezera ndi zimene zinalowadi. Ngati munayembekezera kuti alendo agoletsa 30 koma agoletsa 27, ndiye 27 kugawa ndi 30 ndi 0.9. Kuyerekeza kuyenera kukhala ndi ulosi, osati ndi avereji ya ligi, chifukwa mukapanda kutero mudzasokoneza kutopa ndi kufooka: timu yosauka imene imayenda usiku kawirikawiri ndi yomweyonso imene ilibe osewera abwino pa benchi.

Mphindi za zigoli ndizo zimakuuzani ngati chimene mukuonacho ndi kutopadi. Miyendo yotopa siionekera kwambiri m'mphindi 20 zoyambirira. Imaonekera ola likakwana, pamene otchinga kumbuyo a m'mbali asiya kubwerera msanga ndipo apakati ayamba kuchita mafaulo chifukwa afika mochedwa pa mpira. Ngati zigoli zowonjezereka zimene alendo akugoletsedwa zikuunjikana m'mphindi 30 zomaliza, ulendo ndi kusapuma zili ndi mlandu. Ngati zamwazikana masewero onse, mwina vuto ndi bwalo kapena timuyo ndi yofooka basi. Muyenera kukumbukiranso kuti masewero a mtundu umenewu ndi ochepa pa sizoni, ndipo kusiyana kwa zigoli zitatu pa 30 kukhoza kubwera mwangozi. Sizoni imodzi ingokupatsani chithunzithunzi. Nambala yanu muisunthe pang'onopang'ono. Ndipo kwa amene amabetcha ndinene mosabisa kuti kusintha kochoka pa 41 kufika pa 35 n'kochepa moti phindu limene kampani yobetchetsa imadulirapo pa mitengo yake likhoza kukumeza konse. Masamuwa amathandiza kumvetsa mpira, koma si njira yopezera ndalama ya ndiwo.

Kukula kwa gulu la osewera kumasinthanso nkhani. Mphunzitsi amene ali ndi anyamata odalirika 20 akhoza kusintha asanu kapena asanu ndi mmodzi pa masewero a Lamulungu, makamaka masiku ano pamene malamulo amalola kulowetsa osewera asanu. Pamenepo kutopa kwachepa koma mphamvu ya timu nayo yatsikako, ndiye m'ndandanda wa oyamba ukatuluka ndimasankha chimodzi: ngati nkhope ndi zomwezo za dzulo, ndisiya 0.9 wa kutopa. Ngati theka ndi atsopano, ndichotsa kutopako n'kutsitsa pang'ono mphamvu yogoletsa. Zonse ziwiri pamodzi ayi.

Ulendo wobwerera ndiwo anthu amauiwala kwambiri. Timu yathu ya ku Blantyre ija ikamaliza ku Karonga Lamulungu madzulo, imakwera basi yomweyo, kukwera Chiweta, kudutsa kuno ku Kasungu mwina pakati pa usiku kapena Lolemba masana, n'kukafika kwawo Lolemba. Ngati ili ndi masewero a chikho kapena a ligi Lachitatu pa Kamuzu Stadium, papepala ili pakhomo ndipo aliyense aipatsa 1.4 wathunthu. Koma m'masiku asanu ndi awiri yayenda makilomita pafupifupi 1,800 n'kusewera kawiri, pamene mlendo wake wochokera ku Lilongwe wapuma sabata yonse n'kuyenda makilomita 300 okha. Pa masewero amenewo ochemerera ndi bwalo zikadali kumbali ya eni khomo, choncho 1.4 ndi 0.9 ndimazisiya mmene zilili, koma kusintha kwa kutopa ndimakutembenuza: zigoli za eni bwalo ndichulukitsa ndi 0.95, za alendo ndi 1.05, ndipo ngati mphunzitsi walowetsa anyamata omwewo amene anasewera Loweruka ndi Lamulungu ndimafika pa 0.9 ndi 1.1.